Nyali yofiira ikayaka: imani kaye, chithunzi pambuyo

Masiku ano makaniko amayamba kuona matenda a galimoto pafoni, galimotoyo isanafike n'komwe kugalaja. Dalaivala akaona kanyali kachilendo kayaka padashibodi, amajambula n'kutumiza pa WhatsApp ndi mafunso awiri: "Bambo makaniko, ichi n'chiyani? Ndipitirize ulendo?" Funso lachiwirilo ndiye lolemera. Yankho lake likalakwika, munthu amene akanangogula lamba amapezeka akusakasaka ndalama ya injini, ndipo nthawi zina amapezeka ali pamtsetse ndi mabuleki osagwira.

Magalimoto ambiri a m'misewu yathu, monga Vitz, Passo, Sienta, Probox ndi Hiace, anachokera ku Japan atagwirako kale ntchito. Kabuku kofotokoza tanthauzo la nyalizi mwina kanasowa m'njira, mwina kalipo koma n'kolembedwa m'Chijapanizi. Choncho ambiri timadalira mnzathu kapena makaniko kuti atiwerengere chithunzi. Zimenezi n'zothandiza, koma chithunzi sichinena zonse, ndipo pali nyali zochepa zimene sizidikira yankho la pafoni. Nyali zimenezo dalaivala aliyense ayenera kuzidziwa yekha.

Injini inali ikulira?

Munthu wodziwa ntchito akalandira chithunzi, sayamba ndi kuwerenga nyali. Amayamba wafufuza ngati injini inali ikulira pa nthawi yojambulayo. Chifukwa chake n'chakuti mukangopotoza kiyi, injini musanailize, pafupifupi nyali zonse zimayaka pamodzi: ya oyilo, ya batire, ya mabuleki, ya injini ndi zina. Galimoto imachita zimenezi dala, pofuna kukusonyezani kuti nyalizo n'zamoyo. Zina zimazima zokha pakapita masekondi ochepa, koma ya oyilo ndi ya batire zimadikira mpaka injini italira. Chithunzi chojambulidwa pa nthawi imeneyi chimaoneka choopsa, chonsecho palibe chimene chalakwika.

Umboni uli pa muvi wosonyeza liwiro la injini, wa pa wotchi ya manambala oyambira 0 kulekeza cha pa 7 kapena 8. Muvi ukagona pa 0, injini inali chete, ndipo nyali zoyakazo sizikutiuza kanthu. Ukakhala pansi pang'ono pa 1, injini inali ikulira galimoto itaima, ndipo nyali iliyonse yofiira imene ikuoneka ndi uthenga weniweni. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri alibe wotchi imeneyi, ndiye wotumiza chithunzi ayenera kunena yekha kuti injini ikulira kapena ayi. Pa magalimoto oyendera petulo ndi magetsi omwe, monga Aqua ndi Prius, injini imatha kukhala chete galimoto ili yoyaka. Pamenepo funani mawu obiriwira akuti READY. Akaoneka, nyali zinazo ziwerengeni ngati za galimoto imene ikulira.

Kuyaka kwa nyali zonse potsegula kiyi kuli ndi phindu lina. Nyali imene siyaka pa nthawi imeneyi ndi yakufa, kapena wina anaichotsa pofuna kubisa vuto asanagulitse galimoto. Nyali ya oyilo ikakhala yotero, tsiku la vuto simudzalandira chenjezo lililonse. Wogula galimoto ayenera kupempha zithunzi ziwiri, china cha kiyi wotsegula injini isanalire, china cha injini ikulira.

Mtundu umathandiza, koma sukwanira

Opanga magalimoto amatsata dongosolo limodzi la mitundu. Nyali yobiriwira kapena yabuluu imangokuuzani kuti chinthu chikugwira ntchito, monga ma indiketa kapena magetsi aakulu. Yachikasu imanena kuti pali vuto lofunika makaniko posachedwa. Yofiira imafuna kuti muchitepo kanthu tsopano lino.

Komabe si yofiira iliyonse imene imathetsa ulendo. Ya lamba wa pampando ndi ya chitseko chosatsekeka bwino zimazima mukangokonza zimenezo. Ya kamunthu kokhala ndi mpira patsogolo pake imanena kuti chikwama cha mpweya chotetezera pangozi mwina sichingafufume. Limenelo ndi vuto lofunika kulikonza msanga, koma galimoto imayenda ndi kuima monga mwa masiku onse.

Kamera ya foni nayonso imanamiza. Usiku, nyali yowala kwambiri imatuluka yoyererako pachithunzi, moti yofiira ndi yachikasu zimafanana. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa maonekedwe a chizindikiro, osati mtundu wokha, ndiponso kumufunsa wojambulayo mtundu umene akuuona ndi maso ake. Zizindikiro zoimitsa galimoto nthawi yomweyo zilipo zitatu: cha oyilo, cha kutentha ndi cha mabuleki.

Kabotolo kodontha: oyilo

Chizindikiro chake ndi kabotolo ka mlomo wautali kokhala ndi dontho kumapeto. Ambiri amaganiza kuti nyali imeneyi imanena kuti oyilo wachepa pang'ono, ndipo amati adzathira akafika pafilingi siteshoni. Apa m'pamene injini zambiri zimafera. Nyali yofiirayi siyeza kuchuluka kwa oyilo. Imayeza mphamvu imene pampu ikukankhira oyiloyo kupita m'zitsulo zozungulira, ndipo imayaka mphamvuyo ikatsika kwambiri. M'kati mwa injini, zitsulo zimene zimazungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi zimalekanitsidwa ndi oyilo wopyapyala kuposa pepala. Oyiloyo akasiya kufika, chitsulo chimakhulana ndi chitsulo, ndipo mphindi zochepa zimakwana kuti injini inoke kapena igwirane osazunguliranso.

Ikayaka muli pa ulendo, patukani pamalo oyamba otetezeka, imani, kenako zimitsani injini. Dikirani mphindi ngati zisanu kuti oyilo atsikire pansi, ndipo galimoto ikhale pamalo athyathyathya. Solorani kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, n'kukasololanso. Oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri za kunsonga kwake, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri kuchoka pa chizindikiro cha pansi kufika cha pamwamba ndi lita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Suzumiraninso pansi pa galimoto. M'misewu ya fumbi mwala umatha kuboola beseni la oyilo, ndipo mukaona oyilo akuchucha, kuthira wina n'kutaya ndalama chabe.

Ngati oyilo anali wochepa ndipo sakuchucha, thirani, lizani injini, maso ali panyali. Ikazima m'masekondi ochepa ndipo injini sikugogoda, mukhoza kupita kugalaja kuti akafufuze kumene oyiloyo amathawira. Koma oyilo akakhala wokwanira nyali n'kuyakabe, nkhani yakula. Mwina pampu yatha, mwina sefa ya m'beseni yatsekeka ndi phala la oyilo wokhalitsa. N'zothekanso kuti chafa ndi kaswitchi ka nyaliyo basi, koma zimenezo sizidziwika ndi chithunzi kapena ndi khutu. Makaniko amachita kumangirira geji yake painjini n'kuyeza. Kufikira atayeza, galimotoyo ikokedwe.

Pali nyali ya oyilo imene chithunzi chimaiphonya: yophethira pokhota kapena pogwira mabuleki, kenako n'kuzima. Imatanthauza kuti oyilo watsala wochepa kwambiri moti akakhuthukira mbali imodzi, pampu imayamwa mpweya. Kuzima kwake si kuchira. Imani ndipo yezani.

Choyezera kutentha chili m'mafunde

Chizindikirochi chimaoneka ngati kachipangizo koyezera kutentha thupi kataimikidwa m'madzi a mafunde. Pa Vitz, Passo ndi anzake amene alibe muvi wa kutentha, chimayaka chabuluu kapena chobiriwira m'mawa, n'kuzima injini ikafunda. Chimenecho si vuto, ndipo zithunzi zambiri zotumizidwa mwamantha zimakhala za nyali imeneyi. Chikafiira, kapena muvi ukayandikira chilembo cha H, injini yatentha mopitirira muyeso.

Zoyambitsa zimadziwika: paipi yaphulika, rediyeta ikudontha, fani yasiya kuzungulira, kapena pampu ya madzi yaima. Vutoli limakonda kuonekera pa zitunda zazitali, monga pokwera kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre kapena pa Chiweta, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala galimoto italemedwa. Pamenepo mtima umafuna kukakamira kuti mufike pamwamba kaye. Koma mutu wa injini zambiri za masiku ano ndi wa aluminiyamu, chitsulo chimene chimapindika chikapsa. Ukapindika, gasiketi imapsa, madzi amasakanikirana ndi oyilo, ndipo ntchito imene ikanathera pa paipi imodzi imafika potsegula injini.

Imani, zimitsani, ndipo musakhudze chitsekerero cha rediyeta. Madzi a m'menemo amakhala opanikizika, moti amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangotsegula, amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso ndi m'manja. Dikirani mphindi zosachepera 30, ndipo tsegulani pokhapokha paipi yaikulu ya pamwamba itazizira moti n'kuigwira ndi dzanja. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha kapena m'kati mwake, chifukwa chitsulo chikhoza kung'aluka. Chenjeraninso ndi muvi umene unakwera kenako n'kutsika wokha mwadzidzidzi. Nthawi zina zimenezi zimachitika madzi akatheratu, kachipangizo koyeza kaja katatsala pouma.

Chizindikiro cha mfuu m'kati mwa bwalo: mabuleki

Nyali ya mabuleki ndi bwalo lofiira lokhala ndi chizindikiro cha mfuu pakati, ndipo magalimoto ena amalemba mawu akuti BRAKE. Imagwira ntchito ziwiri, n'chifukwa chake imasokoneza. Imayaka handibuleki ikakhala yokoka, ndipo imayakanso mafuta a mabuleki akachepa. Wolandira chithunzi afunse kaye ngati handibuleki yatsitsidwa mpaka pansi. Pa Sienta ndi Passo, handibulekiyo ndi yoponda ndi phazi lamanzere, ndipo dalaivala wachilendo amatha kuiwala.

Ikayakabe handibuleki itamasulidwa, imani. Tsegulani boneti, ndipo kumbuyo, kutsogolo kwa mpando wa dalaivala, mupeza kabotolo ka pulasitiki kolembedwa MIN ndi MAX. Mafuta amatsika pang'onopang'ono mapadi akamatha, koma akatsika msanga ndiye kuti akutayika penapake. Onani kuseri kwa matayala ngati kwanyowa. Kenako pondani buleki mwamphamvu n'kuigwira choncho. Ikamamira yokha mpaka pansi, kapena ikakhala yofewa, galimoto isayendenso, ngakhale mutathiramo mafuta ena. Amene athiridwawo atulukira pomwe anatulukira anzawo, mwina muli pakati pa mtsetse wa Khwekhwerere.

Zikachitika galimoto ikuthamanga, chotsani phazi pa moto, tsitsani magiya imodziimodzi kuti injini ikuthandizeni kuchepetsa liwiro, ndipo kokani handibuleki pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi. Musazimitse injini galimoto isanaime, pakuti mukatero buleki imauma ndipo chiwongolero chimalemera.

Nyali yachikasu yolembedwa ABS ikayaka yokha, mabuleki wamba amagwirabe. Chimene chasiya ndi chipangizo choletsa matayala kukhukhuluzika mukaponda mwadzidzidzi, choncho yendani mosamala kupita kugalaja. Koma pachithunzi pakaoneka ABS pamodzi ndi yofiira ya mabuleki, injini ikulira ndiponso handibuleki itatsitsidwa, imeneyo ndi galimoto yoimika.

Chithunzi chimodzi, mayankho awiri

Nyali ya batire, kabokosi kofiira kokhala ndi zizindikiro za + ndi -, ndiyo imafuna kuganiza kwambiri, chifukwa nthawi zina imalola kuyenda pang'ono, nthawi zina ayi. Tiyerekeze kuti mayi wina akuyendetsa Corolla ya injini ya 1NZ-FE kuchokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu, ndipo atangodutsa pa Dedza nyaliyi yayaka. Aima, ajambula, atumiza kwa makaniko wawo.

Makaniko akuona zinthu zinayi. Muvi wa liwiro la galimoto uli pa 0, ndiye kuti aima. Muvi wa injini uli pansi pang'ono pa 1, ndiye kuti injini ikulira ndipo nyaliyo ikunena zoona. Nyali yofiira ndi imodzi yokha, ya batire. Koma muvi wa kutentha wadutsa pakati pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu wothamangira nyali yokha akanayankha kuti batire yafooka, pitirizani. Chonsecho nyaliyi kawirikawiri sinena za batire. Imanena kuti alitaneta yasiya kutchaja, ndipo alitaneta imazunguzidwa ndi lamba. Pa injini imeneyi, lamba yemweyo ndi amene amazunguzanso pampu ya madzi.

Makaniko akuyankha kuti: "Mayi, zimitsani injini pompano. Kodi muviwo umakhala pamenepo masiku onse? Munamva kanthu kakuphulika kapena kulira kutsogoloko? Tsegulani boneti, mundijambulire mbali imene kuli lamba." Mayiwo akuti muvi umakhala pansi pang'ono pa pakati, ndipo anamvadi kanthu kakumenya kamodzi. Chithunzi chachiwiri chikusonyeza mapule ali okhaokha, lamba palibe, patsala tizidutswa takuda. Apa yankho ndi limodzi: galimoto isalizidwenso mpaka lamba wina atamangidwa, ndipo womangayo aonenso ngati pule ina sinagwire n'kudula lambayo. Madzi sakuzungulira, ndipo akanapitiriza, nyali ya kutentha ikanatsatira pasanathe mphindi zambiri. Pa magalimoto amene chiwongolero chake chimapepukitsidwa ndi pampu ya lamba, chizindikiro china cha lamba woduka ndi chiwongolero cholemera mwadzidzidzi.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Muvi wa kutentha uli pamalo pake, ndipo lamba alipo, ndi wokungika bwino. Pamenepo vuto lili mu alitaneta kapena m'mawaya ake, ndipo galimoto ikuyendera moto wotsala m'batire. Ikhoza kufika pagalaja yapafupi, osati kumapeto kwa ulendo wautali. Dalaivala azimitse wailesi, eyakoni ndi zotchajira mafoni, ndipo asazimitse injini m'njira chifukwa mwina siliranso. Usiku kapena kukugwa mvula, magetsi ndi mawaipa zimamaliza batire msanga, ndipo galimoto ikhoza kuzima pamalo oipa. Zikatero, kugona pamalo otetezeka n'kwanzeru kuposa kuyesa mwayi. Kugalaja amatsimikiza ndi mita: batire yabwino imasonyeza mavoti ngati 12.6 injini itazima, ndipo pakati pa 13.5 ndi 14.5 injini ikulira. Ikatsalira cha pa 12 injini ikulira, alitaneta sikutchaja.

Yachikasu imene imaphethira

Nyali yooneka ngati injini ndiyo imajambulidwa kwambiri. Ikayaka mokhazikika, galimoto ikuyenda bwino, muvi wa kutentha uli pamalo pake ndipo palibe yofiira, mukhoza kumaliza ulendo modekha, kenako n'kukaiika pakompyuta kuti iwerenge chimene chalakwika. Zifukwa zake zilipo zambirimbiri, ndipo palibe makaniko woona mtima amene angatchule chimodzi poona chithunzi chokha.

Ikamaphethira ndi nkhani ina. Imatanthauza kuti silinda ina sikuwotcha petulo, kawirikawiri chifukwa cha pulagi kapena koyilo, ndipo injini imanjenjemera n'kuchepa mphamvu. Petulo wosapsayo amakayakira m'chipangizo chosefa utsi cha mu ekizozi, chimene chimatentha mpaka kusungunuka m'kati. Chepetsani liwiro nthawi yomweyo, funani poima, ndipo musaimike pa udzu wouma. Pachithunzi, nyali yokhazikika ndi yophethira zimaoneka chimodzimodzi, mwinanso yophethirayo osaoneka n'komwe. Apa pamafunika kanema wa masekondi khumi.

Kujambula kothandiza

Musajambule mukuyendetsa. Yatsani mahazadi, tulukani mumsewu, pewani kuima pakona kapena kuseri kwa chitunda, ndipo ikani zikwangwani zofiira za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati yayaka ndi ya oyilo kapena ya kutentha, zimitsani injini musanagwire foni, ndipo makaniko mumuuze ndi mawu chimene munaona. Chithunzi sichiyenera kugulidwa ndi mphindi ina ya injini yopanda oyilo.

Pa nyali zinazo, jambulani injini ikulira. Tengani dashibodi yonse, osati kanyali kokha, kuti mivi yonse ioneke. Zimitsani fulashi ya foni, tchingani dzuwa ndi dzanja, ndipo ngati patuluka mawu a Chijapanizi, ajambuleni pafupi pachithunzi chachiwiri. Pomaliza lembani mtundu wa galimoto, mtundu wa nyali, ngati ikuphethira, pamene inayakira, komanso phokoso, fungo kapena utsi uliwonse.

Nawonso olandira zithunzi ali ndi udindo. Mawu akuti "bwerani nayo tiione" ndi osavuta kulemba, koma pa nyali ya oyilo, ya kutentha ndi ya mabuleki, ndiponso ya batire lamba ataduka, ndi mawu owononga. Yankho loyenera n'lakuti makaniko apite kumene kuli galimoto, kapena galimoto ikokedwe. Dalaivala akauzidwa kuti apitirize chonsecho imodzi mwa nyali zimenezi ili chiyakire, akane. Kukoka galimoto kumadya ndalama ndi tsiku, koma ndalama imeneyo siingafanane ndi mtengo wa injini, ndipo pa nkhani ya mabuleki, chimene chili pachiswe ndi moyo wa anthu amene mwanyamula ndi amene akuyenda m'mbali mwa msewu.